MASAMU A PA WAILESI: KUWERENGA TEBULO LA MBALI ZIWIRI LOCOKERA PA CITHUNZI

Lero tiphunzira kawerengedwe ka tebulo la manambala la mbali ziwiri, ndi mopezera mwai wa mitundu itatu kucokera m'tebulo limeneli. Konzani makope, mapensulo ndi rula. Aphunzitsi, imani pafupi ndi bolodi, coko ciri m'manja.

Tiyerekeze kuti pa sukulu ina pali ana 80 a Giredi 7. Tsiku lina m'mawa mwana ali yense anafunsidwa mafunso awiri. Loyamba linali lakuti, kodi kwanu ndi kutali kapena pafupi? Anagwirizana kuti kutali ndiko kumene mwana amayenda ola lathunthu kapena kupitirira kuti afike pa sukulu. Laciwiri linali lakuti, kodi wadya kanthu usananyamuke lero? Mphunzitsi analemba mayankho onse pa bolodi, nalijambula bolodilo ndi foni, natumiza cithunzico kwa akulu a sukulu. Akuluwo ali ndi ufa wocepa wa phala, ndipo afuna kudziwa ana amene ayenera kuyamba kulandira. Cotero cithunzico cikawerengedwa molakwa, mwana wina wanjala adzakhala m'kalasi wopanda kanthu m'mimba.

Aphunzitsi, lembani tebulo iri monga momwe lionekera pa cithunzi.

| | Anadya | Sanadye | Onse |
|---|---|---|---|
| Akutali | 5 | 15 | 20 |
| Apafupi | 39 | 27 | 60 |
| Onse | 44 | 36 | 80 |

Tisanawerengere mwai uli wonse, tiyambe tayesa cithunzico, pakuti cithunzi cimanama nthawi zina. Wojambula akaima cammbali, mizera yopingasa imaoneka yopendekeka, ndipo diso limatsetsereka kucoka pa mzera wa akutali kugwera pa mzera wa apafupi. Cifukwa cace, gonekani rula pansi pa mzera umene mukuwerenga. Onaninso ngati mitu ya pamwamba ndi ya pambali yalowa yonse m'cithunzi, popeza nambala yopanda mutu siuza munthu kanthu. Cinanso ndi kuwala kwa pa zenera, kumene kumaphimba coko, kotero kuti 1 amaoneka ngati 7.

Njira yoyesera ndiyo kuonkhetsa. Tiyambe ndi mzera wa akutali: 5 ndi 15 apanga 20, ndipo kumapeto kwa mzerawo kulidi 20. Tsono mzera wa apafupi: 39 ndi 27 apanga 66, koma kumapeto kwalembedwa 60. Pali colakwa, ndipo nambala yapitirira ndi 6. Kodi colakwaco ciri pa 39, pa 27, kapena pa 60? Tiyeni tionkhetse motsika. Pansi pa mutu wakuti Anadya, 5 ndi 39 apanga 44, zimene ziri bwino. Pansi pa mutu wakuti Sanadye, 15 ndi 27 apanga 42, koma pansi palembedwa 36. Apanso papitirira 6. Mzera wopingasa wolakwa ndi mzera wotsika wolakwa akumana pa kabokosi kamodzi, ndiko ka 27. Tikacotsa 39 pa 60 titsala ndi 21, ndipo tikacotsa 15 pa 36 titsalanso ndi 21. Nambala yeniyeni ndi 21. Aphunzitsi, fafanizani 27, mulembe 21. Tsopano tebulo lathu lakhala loona.

Kodi mwai nciani m'masamu? Tiyerekeze kuti dzina la mwana ali yense lalembedwa pa kapepala kace, ndipo timapepala tonse 80, tofanana kukula, taikidwa m'dengu ndi kusakanizidwa bwino. Munthu wotsinzina atola kamodzi. Mwai wakuti atole mwana wa gulu lakutilakuti ndi fulakishoni. Nambala ya pamwamba ndiyo ya ana amene tikuwafuna, ndipo nambala ya pansi ndiyo ya timapepala tonse timene tiri m'dengu. Phunziro lonse la lero lagona pa funso limodzi, limene muyenera kudzifunsa musanalembe kanthu: kodi m'dengu muli ndani?

Mtundu woyamba tiucha mwai wa m'mphepete, cifukwa manambala ace timawatenga m'mphepete mwa tebulo, mmene mwalembedwa maonkhetso. Funso lace likhudza cinthu cimodzi cokha. Mwacitsanzo, kodi mwai ndi wotani wakuti mwana wotoledwayo sanadye? Pano sitisamala za kumene akhala. M'dengu muli ana onse 80, ndipo pansi peni peni pa mzera wa Sanadye pali 36. Mwai ndi 36/80. Tikagawa pamwamba ndi pansi ndi 4 tipeza 9/20, ndiye 45 peresenti. Momwemonso mwai wakuti mwanayo ndi wakutali ndi 20/80, ndiye 1/4.

Mtundu waciwiri ndiwo mwai wa ziwiri pamodzi. Funso lace liri ndi zinthu ziwiri zolumikizidwa: kodi mwai ndi wotani wakuti mwanayo ndi wakutali ndiponso sanadye? Ikani cala cimodzi pa mutu wakuti Akutali, muciyendetse kumka kumanja. Ikani cala cina pa mutu wakuti Sanadye, mucitsitse. Zala zanu zikumana pa 15. Tsono m'dengu muli ndani? Palibe amene tamcotsa, ana onse 80 akali momwemo. Mwai ndi 15/80, ndiye 3/16, pang'ono kucepera 19 peresenti. Ana ambiri amalakwa pano poonkhetsa 20 ndi 36, poganiza kuti zinthu ziwiri zifuna kuonkhetsa. Iai. Tikufuna ana okhawo amene ali m'magulu onse awiri nthawi imodzi, ndipo iwo ali m'kabokosi kamodzi ka m'kati mwa tebulo. Mukaonkhetsa mwai wa timabokosi tonse tinai, 5/80, 15/80, 39/80 ndi 21/80, mupeza 80/80, ndiye 1. Imeneyi ndi njira inanso yodziyesera.

Cherani khutu tsopano, pakuti tafika pa mtundu wacitatu, umene umagwetsa ngakhale akulu. Uwu ndi mwai wodalira cimene tadziwa kale. Funso lace limamveka motere: mwa ana akutali, kodi mwai ndi wotani wakuti wotoledwayo sanadye? Mau akuti mwa ana akutali asintha dengu. Takhuthula timapepala 60 ta apafupi, ndipo mwatsala 20 tokha. Phimbani mzera wa apafupi ndi rula, muyang'ane mzera wa akutali wokha. Osadya alipo 15, onse alipo 20. Mwai ndi 15/20, ndiye 3/4, kapena 75 peresenti. Taonani kuti nambala ya pamwamba ndi 15 yemwe uja. Cimene casintha ndi nambala ya pansi.

Ticite cimodzimodzi ndi apafupi. Mwa ana 60 apafupi, osadya ndi 21. Mwai ndi 21/60, ndiye 7/20, kapena 35 peresenti. Tikalinganiza 75 ndi 35, tiona kuti pa sukulu imeneyi mwana wakutali ndiye wosavuta kumpeza wanjala, koposa kawiri mnzace wapafupi. Tikadangolinganiza 15 ndi 21 popanda kuyang'ana kukula kwa magulu, tikadaganiza mosiyana.

Tsono tiritembenuze funso. Mwa ana amene sanadye, kodi mwai ndi wotani wakuti wotoledwayo ndi wakutali? Mau ace afanana ndi a funso lija, koma dengu ndi lina. Tsopano muli timapepala 36 ta osadya, ndipo tiyenera kuyang'ana mzera wotsika. Akutali alimo 15. Mwai ndi 15/36, ndiye 5/12, pafupifupi 42 peresenti. Otsalawo, 21 mwa 36, ndi apafupi.

Aphunzitsi, lembani mafulakishoni atatu awa moyandikana: 15/80, 15/20 ndi 15/36. Ana 15 ndi omwewo, koma mafunso ndi atatu. Loyamba lifunsa za sukulu yonse, laciwiri za akutali okha, lacitatu za osadya okha. Mukamva mau monga mwa, pakati pa, kapena tikadziwa kuti, dziwani kuti gulu lochulidwa pambuyo pa mauwo ndilo lopita pansi pa fulakishoni. Ngati ana avutika, atulutseni pabwalo. Jambulani timabokosi tinai pansi, aime m'menemo monga mwa mayankho ao, ndipo pa funso liri lonse amene sali m'dengu akhale pansi. Oimirira ndiwo nambala ya pansi.

Tibwerere kwa akulu a sukulu ndi ufa wao. Wina angawauze kuti, atatu mwa anai ali onse akutali sadya m'mawa, cotero phala lipite kwa akutali okha. Mau oyambawo ndi oona. Koma tebulo lomwelo linenanso kuti mwa ana 36 anjala, 21 ndi apafupi. Phala likapita kwa akutali okha, lidzafika kwa anjala 15, ndi kwa ena 5 amene anadya kale, pamene anjala 21 adzangoyang'ana. Munthu amene asokoneza 15/20 ndi 15/36 amaganiza kuti wathandiza atatu mwa anai a ana anjala, cikhalirenico sanafike ndi theka lomwe. Ndipo nambala ija ya 27 ikadapanda kukonzedwa, akadawerengera ufa wa ana 6 amene kulibe.

Pali zina zimene tebulo silingatiuze. Silinena cifukwa cimene akutali sadyera. Kapena amanyamuka moto usanakolezedwe, kapena kwao cakudya ncocepa. Kuti tidziwe, tiyenera kuwafunsa funso lina. Ndiponso mayankhowa ndi a tsiku limodzi pa sukulu imodzi. Funso lomweli likafunsidwa m'mwezi wa Febuluwale, nkhokwe zitatsika, ndi kufunsidwanso m'mwezi wa Juni, anthu atakolola, manambala angasiyane kwambiri. Gulu la akutali nalonso ndi laling'ono: mwa ana 20, mwana mmodzi akasintha yankho, mwai usuntha ndi 5 peresenti.

Nayi nchito yanu. Pogwiritsa nchito tebulo lokonzedwa lija, pezani mwai wakuti mwana wotoledwa anadya. Kaciwiri, pezani mwai wakuti ndi wapafupi ndiponso anadya. Kacitatu, mwa ana amene anadya, pezani mwai wakuti wotoledwayo ndi wapafupi. Pa funso liri lonse, yambani mwalemba amene ali m'dengu ndi ciwerengero cao, ndipo pambuyo pace mufune nambala ya pamwamba. Aphunzitsi, ana akatsiriza, mayankho ndi awa: 44/80, 39/80 ndi 39/44. Mwana akalemba 39/60 pa funso lacitatu, musamuuze msanga yankho. Mfunseni kuti awerenge fulakishoni yaceyo m'mau, ndipo adzamva yekha kuti wayankha za ana apafupi, pamene funso linali la ana amene anadya.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Tsalani bwino, aphunzitsi ndi ana nonse, mpaka tidzakumanenso pa phunziro lotsatira.