Mau Otsogolera Wojambula Kanema wa Kusamba m'Manja

Omvera akumbuka bwino kolera amene anabuka mu Lusaka mu Okutobala 2023, kufikira bwalo la National Heroes linasanduka cipatala. Pa nthawi zotere kanema wamfupi aphunzitsa msanga, koma ubwino wace uyambira pa mau amene mlembi apatsa wojambula.

Mlembi asangoti, "Onetsani ukhondo." Anene cimene maso adzaona, motere: "Pakhonde pa nyumba ku Lilayi, m'mawa. Jambulani manja okha, pafupi. Mai athira madzi ndi jagi. Mwana apaka sopo, natikita zikhato, pakati pa zala ndi m'zikhadabo masekondi 20. Madzi agwere m'beseni, koma asabviikemo manja." Jagi ifunika pakuti nyumba zambiri zilibe pompi, ndipo onse akasambira m'beseni imodzi apatsana matenda.

Kunena za liu, alembe kuti: "Lankhulani mofatsa, monga agogo polangiza mdzukulu: Tiyeni tisambe tisanadye, ndiponso tikacokera ku cimbudzi." Pakuti munthu akanenedwa wauve atseka makutu.

Potsiriza, mlembi aonetse mnansi kanemayo atazimitsa liu. Mnansi akalephera kutsanzira masambidwewo, mau otsogolera alembedwenso.