Nkhope ikamanjenjemera mu vidiyo: zomwe ndinayankhula pa kukumana kwathu Loweruka

Amene munaona filimu yathu ya mapasa ija tisanaikonze mukukumbuka zomwe zinachitika. Pa gawo lomvetsa chisoni kwambiri, pomwe mtsikana akuuza mphasa wake kuti mayi awo amwalira, anthu anayamba kuseka. Sankaseka seweroli, ankaseka nkhope. Tinali titaika nkhope ya mnzathu wosewera pa thupi la mnzathu wina kuti aoneke ngati mapasa, onse awiri atavomera, koma nkhopeyo inkanjenjemera ngati ya munthu wa malungo. Ndinali ndi masabata awiri okha kuti ndikonze tisanaonetse makolo, ndiye lero ndikufuna ndikuuzeni chomwe chimavuta.

Choyamba mudziwe kuti vidiyo ndi zithunzi zambirimbiri zotsatizana, zomwe timati mafulemu. Ife tinajambula mafulemu 25 pa sekondi, ndipo gawo lija linali la masekondi 12, kutanthauza zithunzi 300. Pulogalamu yomwe ndinagwiritsa ntchito, FaceFusion, imatenga chithunzi chimodzi, kupeza nkhope, kuisintha, kenako n'kupita pa chotsatira. Ikafika pa chithunzi cha 41 siikumbukanso zomwe inachita pa cha 40. Mukaimitsa vidiyo n'kuyang'ana chithunzi chimodzi, chimaoneka bwino kwambiri mpaka kudzitama. Vuto limabwera zikamathamanga, chifukwa diso la munthu limagwira msanga kanthu kakang'ono kakamasinthasintha pankhope.

Gwero lalikulu la kunjenjemerako ndi timadontho. Pofuna kudziwa poika nkhope yatsopano, pulogalamu imaika timadontho tisanu: maso awiri, nsonga ya mphuno, ndi kumathero kwa pakamwa mbali zonse ziwiri. Timadontho timeneti imachita kuyerekeza, ndipo pa fulemu iliyonse imayerekezanso mwatsopano. Munthu akhoza kukhala phee osasuntha, koma dontho la diso lake n'kumapezeka pa pikiselo 400, kenako 403, kenako 399, kenako 402. Mapikiselo atatu kapena anayi ndi ochepa zedi, koma nkhope yonse imatsatira timadonthoto, ndiye imavina pamene mutu uli chikhalire.

Mankhwala oyamba omwe ndinayesa ndi osavuta. M'malo mokhulupirira dontho latsopano lonse, umatengako pang'ono n'kusakaniza ndi pomwe linali kale:

```
s = 0.3 * x + 0.7 * s_kale
```

Apa x ndi pomwe pulogalamu yanena lero, ndipo `s_kale` ndi yankho la fulemu yapitayo. Tiyese ndi manambala aja. Tiyambira pa 400. Ikabwera 403, tipeza 400.9. Ikabwera 399, tipeza pafupifupi 400.3. Ikabwera 402, tipeza 400.8. Mwaona? Dontho lomwe limadumpha mapikiselo anayi tsopano silikudumpha ngakhale imodzi. Usiku umenewo ndinagona ndikumwetulira.

M'mawa mwake ndinaonera gawo lonse, ndipo chimwemwe chinatha. Pali pomwe mtsikanayo amatembenuka mwadzidzidzi atamva nkhaniyo. Mutu unapita, nkhope n'kutsalira m'mbuyo, kenako n'kumabwera pang'onopang'ono ngati chigoba chomwe chamasuka. Chifukwa chake n'chakuti njira imeneyi imachedwa. Ndi 0.3, dontho limatsalira ndi mafulemu opitirira awiri pang'ono. Mutu ukamayenda mapikiselo 20 pa fulemu, nkhope imatsalira ndi mapikiselo oposa 40, ndipo zimenezo ngakhale agogo okhala kumbuyo kwa holo aziona. Ukakweza nambala ija kufika 0.8, kutsalira kumachepa koma kunjenjemera kumabwerera. Ndinataya masiku atatu ndikukweza ndi kutsitsa nambala imodzi yomweyo.

Pali njira ina yotchedwa One Euro Filter, yomwe inafalitsidwa mu 2012. Iyo imayang'ana liwiro: mutu ukakhala phee imasalaza kwambiri, ukathamanga imasiya dontho litsatire. Ndi yabwino makamaka ngati vidiyo ikuonetsedwa nthawi yomweyo. Koma ife filimu tinali nayo kale yonse pa laputopu, ndiye ndinazindikira kuti palibe chondiletsa kuyang'ana kutsogolo. Ndinayamba ndapeza timadontho ta mafulemu onse 300 n'kutisunga. Kenako pa fulemu iliyonse ndinaphatikiza malo asanu, awiri am'mbuyo, iyo yomwe, ndi awiri akutsogolo, n'kugawa ndi 5. Am'mbuyo amakokera dontho m'mbuyo, akutsogolo amalikokera kutsogolo, ndiye limakhala pakati osatsalira. Chenjezo limodzi: pomwe kamera yadula kupita mbali ina, muyambirenso. Ine ndinaiwala, ndipo kwa mafulemu anayi nkhope inali m'malere pakati pa phewa ndi khoma.

Nditakonza zimenezo nkhope inaleka kuvina, koma inkaphethirabe, kuwala kenako kuda. Ili ndi vuto lina, ndipo ndi bwino kudziwa kusiyanitsa musanayambe kukonza chosawonongeka. Ine ndimagwiritsa ntchito lamulo ili:

```
ffmpeg -i gawo.mp4 -vf "format=gbrp,tblend=all_mode=difference,format=yuv420p" kusiyana.mp4
```

Limatulutsa vidiyo yoonetsa zokhazo zomwe zasintha pakati pa fulemu ndi inzake. Chomwe sichinasinthe chimakhala chakuda. Mukaona timizere towala tozungulira maso, mphuno ndi m'mphepete mwa nkhope pamene munthu sakusuntha, vuto ndi timadontho. Mukaona masaya ndi chipumi chonse chikuyaka n'kuzima pamodzi, vuto ndi kuwala kapena mtundu wa khungu. Mukaona nkhope yonse yawala kamodzi n'kubwerera, pitani pa fulemu imeneyo, mupeza kuti pulogalamu sinapeze nkhope ndipo yasiya ya mwini thupi. Zimenezi zimakonda kuchitika munthu akayang'ana cham'mbali kapena dzanja likadutsa pankhope.

Kwa ife anali masaya, ndipo olakwa tinali ife tomwe tsiku lojambula. Tinasiya foni kuti izidzisankhira yokha kuwala, ndiye munthu akasuntha pang'ono pafupi ndi windo, foni inkasintha. Pulogalamu nayo imafananitsa khungu la nkhope yatsopano ndi kuwala kwa fulemu imeneyo, choncho kusintha kwakung'ono kunkakula. Kujambulanso kunali kosatheka, poti mmodzi wa atsikanawo anali atapita kumudzi. Ndinachita zomwe ndinachita ndi timadontho zija, koma pa kuwala: kuyeza kuwala kwa nkhope pa fulemu iliyonse n'kusalaza, ulendo uno ndi mafulemu 25, chifukwa kuwala kwenikweni m'chipinda sikusintha msanga ngati mutu. Ulendo wina tikamajambula, chonde tsekani kuwala pa foni kuti kusamasinthe. Ndipo ngati tayatsa mababu, kumbukirani kuti magetsi athu kuno ndi a 50 Hz, ndiye mafulemu 25 ndi shata ya 1/50 ndi zomwe zimagwirizana nawo.

Chomaliza chinandipweteka kusiya. Nkhope yosinthidwa inkapangidwa yaing'ono, mapikiselo 128 m'litali ndi m'lifupi, ndiye ikakulitsidwa imaoneka yachimbuuzi. Pali chida chotchedwa GFPGAN chomwe chimaiwalitsa, kuika nsidze, mano ndi timakwinya. Koma zinthu zimenezi chimachita kupeka, ndipo pa fulemu iliyonse chimapeka mosiyana pang'ono, moti khungu limaoneka ngati pali nyerere zikuyenda. Ndinachitsitsa mphamvu mpaka pansi pa theka. Nkhope inatsala yofewerapo kusiyana ndi momwe ndinkafunira, ndipo mukayang'anitsitsa pomwe akupukuta misozi ndi dzanja, mafulemu asanu ndi limodzi ndinachita kukonza pamanja, imodzi imodzi. Amene mukufuna kuona mafayilo onse awiri, yakale ndi yatsopano, laputopu ndabwera nayo, tionere limodzi tikamaliza.