Tsiku timachita kupempha: zomwe ndinayankhula pa msonkhano wa kalabu Loweruka

Andipatsa mphindi zochepa kuti ndifotokoze mmene timapemphera tsiku ndi nthawi kwa amfumu tikafuna kukawaona ngati gulu. Ena mukuseka kale chifukwa mukudziwa chomwe asankhira ine. Inde, kalata ija yomwe inatikhazika pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka masana ndinalemba ndine. Ndiye ndiyambira pomwepo.

Kwa amene munali musanalowe kalabu, nkhani yake inali yotere. Tinkafuna malo oti tiikepo nazale ya mitengo pafupi ndi dambo, ndipo tinagwirizana zokaonana ndi a gulupu. Ine, pokhala kuti ndinali nditangolemba kumene mayeso a Fomu 4, ndinati kalata ndi nkhani yaing'ono. Ndinalemba kuti: "Tikukudziwitsani kuti gulu lathu lidzabwera kwanu Lachinayi nthawi ya 9 koloko m'mawa. Chonde mudzapezeke." Ndinapatsira mwana wa sukulu kuti akasiye. Lachinayi tinapita anthu 14, titatchena. Tinapeza amfumu ali pabwalo, akuzenga mlandu wa malire a munda. Palibe anatithamangitsa, palibenso anatikalipira. Anangotipatsa mphasa. Dzuwa litafika pamutu, nduna inabwera n'kutifunsa mofatsa kuti, "Kodi ana inu, tsiku limeneli anakupatsani ndani?" Tinabwerera osanena n'komwe za nazale.

Madzulo ake agogo anga aamuna anawerenga kope la kalatayo n'kuloza mawu awiri: "tikukudziwitsani" ndi "mudzapezeke". Anati mawu amenewa amalembera munthu amene ali pansi pako. Ndi mmene a hedi amalembera makolo za msonkhano wa pasukulu. Ife tinasankha tsiku tokha, ola tokha, kenako n'kuuza mwini mudzi kuti akhale pakhomo kudikira ife. Cholakwika chachitatu chinali chotumiza mwana. Uthenga wopita kwa mfumu umalemera molingana ndi amene waunyamula.

Ndiye njira yake ndi iti? Poyamba, ulendo wopempha tsiku ndi ulendo paokha, wosiyana ndi ulendo wa gulu lonse. Amapita anthu awiri, mwina atatu, ndipo ndi bwino mmodzi akhale wamkulu amene akudziwika m'mudzimo, monga mlangizi wa kalabu kapena kholo. Komanso simulunjika kwa amfumu. Mumayamba mwaona nduna. Ngati mukufuna a gulupu, nyakwawa ya mudzi wanu iyambe yadziwa, chifukwa funso loyamba kumeneko lidzakhala lakuti, "Amfumu anu akudziwa kuti mwabwera kuno?" Ngati ndi a T/A, mumadzera kwa a gulupu, ndipo kulikulu kwawo kumakhala mlembi amene amasunga ndondomeko ya masiku awo. Kudumpha mmodzi mwa anthu amenewa sikufulumizitsa kanthu. Amakubwezani kuti mukayambire komwe munadumphako.

Tsopano mawu enieniwo. Mwafika, mwaodira, akupatsani pokhala. Anyamata chipewa chichoke kumutu, atsikana chitenje m'chiuno, foni ikhale chete m'thumba. Musayambe nkhani mutaimirira, ndipo musayambe nkhani moni asanathe. Mudikire akufunseni malonje. Akatero, wolankhula mmodzi yekha awombe m'manja pang'ono n'kunena motere:

"Zikomo. Ife ndife ana anu a kalabu ya achinyamata ya m'mudzi mwa a nyakwawa akutiakuti, ndipo iwo akudziwa za ulendo wathu uno. Tatumidwa ndi anzathu. Tili ndi kankhani komwe timafuna titadzatula kwa agogo, kokhudza malo odzalapo mbande za mitengo. Lero sitinabwere ndi nkhaniyo ayi. Tangobwera kudzapempha kuti, ngati nkotheka, agogo atipatse tsiku ndi nthawi yomwe angakhale ndi mpata, kuti tidzabwere ndi anzathuwo. Tidzakhala anthu asanu ndi mmodzi, ndipo sitidzawachedwetsa."

Tamvetserani zomwe zili m'mawu amenewa. Mwanena kuti ndinu ndani ndiponso mwadzera kwa yani. Mwatchula mutu wa nkhani, koma simunayambe kuikamba. Apa ambiri timalakwa mbali ziwiri. Ena amabisiratu, amvekere "tidzanena tsiku lomwelo". Zimenezo zimavutitsa amfumu, chifukwa nkhani ya malo saweruza okha, amafuna aitane nduna zawo ndi eni mbumba amene malowo akuwakhudza. Akapanda kudziwa mutu, mudzafika n'kuuzidwa kuti mubwerenso. Ena ndiye amakhuthula zonse pomwepo, mpaka kuyamba kukambirana kukula kwa malo, pamene anzawo amene anawatuma kulibe. Chiganizo chimodzi chokha chikwanira.

Chiwerengero cha anthu nachonso musachisiye. Pakhomo pa mfumu mlendo amamukonzera pokhala, nthawi zina ndi kachakudya komwe. Mukanena kuti mubwera asanu ndi mmodzi, musakafike 14 ngati ife tsiku lija. Ngati pagulupo padzakhale mlendo wochokera kunja kwa dera, kaya mlangizi wa zankhalango kaya wa kubungwe lina, nenani pomwepo. Mfumu isadzadzidzimuke ndi galimoto pabwalo pake.

Onaninso kuti sindinati "mutipatse tsiku". Ndati "agogo atipatse". Ngakhale amfumu atakhala pomwepo, maso ndi mawu anu zimapita kwa nduna, ndipo amfumuwo mumawatchula ngati mukunena za munthu amene ali apo: "ngati amfumu angalole", "mmene agogo angaonere". Nduna ndiyo imapereka mawuwo, yankho n'kubwereranso momwemo. Amfumu ena, makamaka a nyakwawa amene anatiwona tikukula, amangokuyankhani okha. Zikatero palibe vuto, koma ayambe ndi iwo. Za katchulidwe, kuno timati "amfumu" kapena "agogo", ndipo kwa mfumu yaikulu mumva anthu akuti "Gogo Chalo". Kwa Angoni, monga ku Ntcheu kwa Inkosi ya Makhosi Gomani kapena ku Mzimba kwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, amati "Inkosi" ndipo malonjeredwe ake ndi ena. Mukapita dera lachilendo, funsani nduna musanalowe kuti, "Kodi kuno timawatchula bwanji?" Funso limeneli silichititsa manyazi. Ndipo mfumu ikakhala yaikazi ndi mfumu basi, musakaitchule kuti "amayi" kapena "anti" ngati mwakumana pachigayo.

Gawo lovuta kwenikweni ndi la ola. Ife achinyamata timafuna kumva "10 koloko". Amfumu akhoza kungoti, "Adzabwere Lachiwiri chakum'mawa." Kufunsa kuti "nthawi yanji yeniyeni?" kumamveka ngati mukuwapanikiza. Koma mukachoka osamvetsa, theka la gulu lidzafika 7 koloko, ena 11. Njira yomwe anandiphunzitsa agogo ndi yobwereza zomwe mwamva, n'kuikamo ola ngati funso, cholakwa n'kudziikira nokha:

"Zikomo kwambiri. Kuti tisakanamize anzathu, tamva kuti Lachiwiri la sabata ya mawa, chakum'mawa. Kodi tikafika cha m'ma 9 koloko tidzakhala tachedwa?"

Pamenepo nduna idzati "ayi, nthawi yabwino imeneyo", kapena "bwerani cha m'ma 10, amayamba apita kumunda". Mwapeza ola popanda kulamula munthu. Tsikunso libwerezeni bwino. "Lachiwiri likubwerali" ndi "Lachiwiri la sabata ya mawa" nthawi zina ndi masiku awiri osiyana, ndipo anthu akhala akusemphana pa kameneka. Tchulani ndi deti lomwe, mnzanu amene mwapita naye alembe mukatuluka.

Nanga tsiku lomwe apereka likakhala loti inu simungathe? Izi zinatichitikira ulendo wachiwiri. Anatipatsa Lachitatu m'mawa, pamene anayi mwa ife amakhala ali m'kalasi. Musanene kuti "tsiku limenelo ayi, ife tili bize". Yambani mwalandira, kenako dandaulani:

"Talandira ndi manja awiri. Koma tili ndi kadandaulo kakang'ono. Ena mwa anzathu ndi ana a sukulu, ndipo Lachitatu m'mawa amakhala ali m'kalasi. Ngati agogo angatimvere chisoni n'kutiganizira tsiku lina, kaya masana ake a tsiku lomwelo, tidzathokoza. Koma ngati mpata ndi womwewo, tidzabwera amene tingathe."

Chiganizo chomalizacho n'chofunika, ndipo muchinene mukutanthauzadi. Ife anatisinthira kukhala Lachitatu lomwelo cha m'ma 3 koloko masana. Mukafunsidwa kuti "inu mumafuna liti?", musatchule tsiku limodzi. Perekani awiri kapena atatu, n'kumaliza ndi "koma mmene angaonere agogo". Ndipo musanapite, fufuzani masiku amene sangatheke: tsiku la milandu pabwalo, tsiku la msika, tsiku lomwe amfumuwo amapemphera, kaya ndi Lachisanu, Loweruka kapena Lamulungu. Nyengo yodzala ndi yopalira musayembekeze kupatsidwa m'mamawa.

Mwina mufunsa za kalata ndi foni. Kalata ndi yabwino, makamaka kwa a T/A, koma iperekedwe pamanja ndi anthu omwe aja awiri. Mawu ake ndi omwewa: mutu ukhale "Pempho la tsiku lodzaonana nanu", m'kati muli "tikupempha", mulibe "tikukudziwitsani", ndipo malo a deti la ulendo musalembemo kanthu. Foni ndi yoimbira nduna kapena mlembi, osati amfumu, pokhapokha iwo eni atakupatsani nambala n'kukuuzani kuti muziimba. Kufulasha ndiye ayi ndithu. Gulani mayunitsi.

Kwatsala tsiku limodzi, mmodzi apite kapena aimbire nduna: "Timati tingokumbutsa za mawa lija, ngati zinthu zikadali momwemo." Chifukwa chake mukuchidziwa. M'mudzi mukagwa maliro, tsiku lanu lafa lokha, ngakhale wina asakuuzeni. Musapite ndi nkhani ya nazale pamene amfumu ali pasiwa. Pitani kumaliroko ngati ana a m'mudzi, ndipo pakapita masiku mukapemphenso tsiku lina, kuyambira poyamba. Chimodzimodzi akaitanidwa mwadzidzidzi kwa a T/A kapena kuboma. Koma ngati osintha ndinu, pitani msanga mukapepese pamaso, musatume uthenga wa pafoni usiku.

Za kanthu konyamula m'manja, funsani nduna tsiku lopempha lomwelo kuti mwambo wa pamalopo ndi wotani, chifukwa zimasiyana mudzi ndi mudzi. Ife anatiuza kuti ana a sukulu asadzivutitse, komabe tinasonkherana ya shuga.

Nazale ija, monga mukudziwa, ilipo, ndipo malowo anatipatsa pa ulendo wachiwiri womwewo. Mwezi wamawa tikufunika kukapempha tsiku kwa a gulupu pa nkhani ya bwalo la mpira. Ine ndidzaperekeza, koma wolankhula akhale wina. Amene akufuna aonane ndi alembi tikamaliza pano, tiyeserere limodzi Lachisanu madzulo, wina akhale nduna.