Funso Lovuta Pofunsira Ntchito

Lero tikambirana funso limodzi limene akulu anu ambiri amaliopa pofunsira ntchito. Funsolo ndi ili: "Kodi munachokeranji kumene munkagwira ntchito kale?" Ngati munthu anatsazikana bwino ndi abwana ake, yankho silivuta. Nanga ngati anachita kuchotsedwa?

Tiyerekeze mnyamata wina wa ku Chaisa, mu Lusaka. Iyeyu anagwira ntchito yosunga katundu m'sitolo yogulitsa zomangira nyumba kwa zaka ziwiri. Tsiku lina anatulutsa matumba 12 a simenti popanda kusainitsa amene anawatenga, chifukwa ankawadziwa. Powerengera katundu, matumbawo sanapezeke m'buku. Atafunsidwa, iye anapsa mtima nakangana ndi kapitawo pamaso pa ogula, ndipo ntchito inathera pomwepo. Lero ali pamaso pa mayi amene akulemba anthu ntchito m'sitolo ina, ndipo funso lija lafika.

Yankho loyamba limene limabwera m'mutu ndi bodza: "Nthawi ya pangano langa inatha." Bodzali lili ndi ngozi. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2019 m'Zambia limalamula wolemba ntchito kupereka chikalata kwa wantchito amene akuchoka, chosonyeza tsiku limene anayamba, tsiku limene analeka, ndi mtundu wa ntchito yake. Kalata yoyamikira khalidwe ndi ina, ndipo abwana sakakamizidwa kuilemba. Tsono mayi aja akaona chikalata chokhacho popanda kalata yoyamikira, angathe kuimbira foni abwana akale. Ndiponso musaiwale kuti ogulitsa simenti ambiri amadziwana. Bodza likaululika, mnyamatayo ali ndi milandu iwiri: wa matumba, ndi wa kunama. Wachiwiriwu ndiwo woopsa kwa munthu wofuna kusungitsidwa makiyi.

Yankho lachiwiri ndi lodandaula: "Kapitawo ankandida, ndipo abwana ndi munthu wankhanza." Mwina n'zoona ndithu. Koma mayi aja sanaitane mnyamatayo kuti aweruze mlandu. Pamene iye akunyoza, iwo mumtima akuti, "Mawa adzanena ine chimodzimodzi."

Chimene iwo akufuna kudziwa n'chimodzi: kodi zimene zinachitika kuja zidzachitikanso kuno? Mverani tsono yankho limene ine ndiliyesa labwino:

"Mayi, ndinachotsedwa. Ndinatulutsa matumba 12 a simenti osasainitsa, ndipo atandifunsa ndinayankha mokalipa. Kulakwa kunali kwanga. Chichokereni kumeneko ndakhala ndikuthandiza amalume kugulitsa makala, ndipo thumba lililonse lotuluka ndimalilemba m'kabuku aka, ngakhale wotenga akhale mbale wanga."

Taonani mmene mawuwa aliri. Iye wanena yekha kuti anachotsedwa, asanamve kwa ena. Watchula cholakwa chake ndi dzina lake lenileni, osachichepetsa kapena kuchikulitsa. Kenaka wasonyeza chinthu chogwirika, kabuku kaja. Kungoti "ndinaphunzirapo kanthu" sikukwanira, pakuti aliyense angathe kutero. Atatha apo, akhale chete. Ambiri amalephera pamenepa: akaona kuti wofunsa sakuyankha msanga, amayamba kuwonjezera, mpaka kapitawo uja alowenso m'nkhani. Mukamva kuti mwayamba kunena "komanso iwo aja", dziwani kuti mwapitirira.

Mayi aja angafunsenso kuti, "Kodi simunabe matumbawo?" Apa mnyamatayo asakwiye, chifukwa mkwiyo ndiwo unamuchotsetsa, ndipo kapena akumuyesa dala. Ayankhe mofatsa kuti, "Iyayi mayi, sindinabe. Koma sindinatsate dongosolo, n'chifukwa chake ndinalephera kudziteteza." Akanakhala kuti anatengadi, sayenera kulumbira zonama.

Nthawi zina wantchito salakwa konse. Wina amachoka chifukwa miyezi itatu yapita osalandira malipiro. Ameneyu asadzipangire mlandu pofuna kuoneka wodzichepetsa. Angonena kuti, "Malipiro anasiya kubwera kwa miyezi itatu, ndinakadandaula ku ofesi ya za ntchito, kenaka ndinachoka." Asatchule abwanawo kuti ndi akuba.

Aphunzitsi, wailesi ikatsekedwa, gawani ana awiriawiri. Mmodzi akhale wolemba ntchito, wina akhale mlonda amene anachotsedwa chifukwa chogona usiku. Woyankha apatsidwe ziganizo zinayi zokha, ndipo anzake akweze manja akamva bodza kapena chinyozo. Kenaka asinthane malo.