INSHUWALANSI YA OGONEKEDWA M'CHIPATALA: NKHANI KWA A BANKI M'KHONDE

Ndadza kudzakudziŵitsani kuti gulu lanu tsopano likhoza kuloŵa m'inshuwalansi yothandiza munthu amene wagonekedwa m'chipatala. Pa chipatala chachikulu cha Chiradzulu simulipira mankhwala, koma pamafunika ndalama yoyendera ndi chakudya cha wodwazika, ndipo geni imaima. Ku Nguludi, pokhala chipatala cha mishoni, palinso bilu. Inshuwalansiyi njopeputsa mtolo umenewu.

Kayendetsedwe kake nkotere. Membala aliyense amapereka ndalama yochepa mwezi ndi mwezi, ndipo akagonekedwa, kampani imampatsa ndalama yoikika pa usiku uliwonse umene wagona m'chipatala. Dziŵani kuti ndalama imeneyi si sheya. Siibereka chiwongoladzanja, ndipo simudzagaŵana pakutha pa chaka, ngakhale musadwale konse.

Tsopano mvetsetsani za nthaŵi yodikira. Iyi ndi nthaŵi yoyambira tsiku limene mwapereka ndalama yoyamba kufikira tsiku limene kampani iyamba kulipira. Anaiika chifukwa pakadapanda iyo, ambiri akadaloŵa atadwala kale, thumba nkutha msanga, monga nkhokwe imene onse akutapamo popanda wothiramo.

Tiyerekeze kuti nthaŵiyo ndi masiku 30, ndipo malipiro ndi K5,000 pa usiku. Mayi wina wapereka ndalama yoyamba pa 1 Epulo. Akagonekedwa ndi malungo pa 20 Epulo, sadzalandira kanthu, pakuti masiku sanakwane. Koma akagonekedwa pa 10 Meyi nagona usiku unayi, adzalandira K20,000. Kaŵirikaŵiri ngozi, monga kugundidwa ndi njinga yamoto, ilibe nthaŵi yodikira, pamene uchembere umakhala ndi miyezi ingapo. Alembi akuŵerengereni masiku enieni pa pepala la mgwirizano musanasaine.

Chachiŵiri, musadumphitse mwezi. Mukaleka kupereka, chitetezo chimatha, ndipo pobwerera mukhoza kuyambanso kudikira. Asungichuma azitenga lisiti mwezi uliwonse ndi kulionetsa pamaso pa gulu.

Chachitatu ndicho chachikulu koposa. Musasunge wodwala m'nyumba pofuna kuti masiku odikira akwane. Mwana wotentha thupi, wokomoka kapena wokana kuyamwa apite kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti malungo amatha kupha mwana pa masiku oŵerengeka. Pa nyengo yodikirayi, thumba lanu la zadzidzidzi likhalebe logwira ntchito.

Potuluka m'chipatala, onetsetsani kuti tsiku logonekedwa ndi tsiku lotuluka zalembedwa m'buku lanu la kuchipatala, popeza umenewo ndiwo umboni wotengera ndalama. Dzina la m'bukumo lifanane ndi la pa chiphaso chanu cha unzika. Pomaliza, funsani wodzakulembaniyo akuonetseni kuti kampani yake ili ndi chilolezo cha ku Banki Yaikulu ya Malaŵi.