Tikukawerenga Makadi a Ana ku Chipatala Chathu

Ndabwera ndi nkhani ya maantibayotiki, mankhwala aja ambiri timangowatchula kuti makapisozi, monga amokisilini. Mwezi wamawa tiyamba kafukufuku pa chipatala chathu chaching'ono, woona ngati mankhwalawa akulembedwa motsatira buku la malangizo a Unduna wa Zaumoyo. Bukuli ndi limodzi dziko lonse: mwana wa ku Vubwi, wa ku Sinda ndi wa kuno ku Katete, akadwala matenda amodzi ayenera kulandira mankhwala amodzi.

Tiyamba ndi ana osakwana zaka 5 amene anabwera ndi chifuwa kapena kutsegula m'mimba pa miyezi itatu yapitayi. Sitingawerenge onse, ndiye titenga makadi 100. Tiyerekeze kuti m'kaundula muli ana 600: tizitenga wachisanu ndi chimodzi aliyense, kuti wina asasankhe makadi okongola okhaokha. Dzina la mwana wanu sitilikopera, timangolemba nambala.

Khadi lililonse tilifunsa mafunso anayi. Kodi matenda alembedwa pamodzi ndi zizindikiro zake? Kodi matendawo amafunadi maantibayotiki? Ngati amafuna, kodi aperekedwa amene buku likunena? Nanga mlingo ndi masiku zakwana?

Tiyeni tiyese ndi mwana mmodzi. Ali ndi chaka ndi theka, pa sikelo akulemera makilogalamu 11, akutsokomola. Sisitala amayang'ana pachifuwa pake mwanayo ali phee, n'kuwerenga kapumidwe kwa mphindi yathunthu. Kwa mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, kupuma ka 40 kapena kuposa pa mphindi ndi kupuma mothamanga. Kwa wa miyezi 2 mpaka 11 malire ndi 50. Mwana wathuyu wapuma ka 46. Chimenecho ndi chibayo. Pa kulemera kwakeko afunika amokisilini wosungunula m'madzi wa mamiligalamu 250, mapiritsi awiri m'mawa, awiri madzulo, masiku asanu. Onse pamodzi ndi mapiritsi 20. Khadi likanena zimenezo, talichonga.

Koma likanena piritsi limodzi m'mawa, limodzi madzulo, mankhwala ndi oyenera koma mlingo waperewera. Tizilombo tina timapulumuka, ndipo totsalato ndi timene timadzavuta kupha mawa. Kawirikawiri vutoli limabwera mwana akapanda kuikidwa pa sikelo.

Tsopano tiyerekeze kuti mwana yemweyo anapuma ka 32, chifuwa sichikulowa m'kati, akudya ndi kumwa bwino. Chimenecho ndi chimfine, ndipo amokisilini sagwira mavayirasi oyambitsa chimfine. Akapatsidwabe, tilemba kuti sanayenere. N'chimodzimodzi kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha: mankhwala ake ndi madzi a moyo ndi zinki. Maantibayotiki amabwera chimbudzi chikakhala ndi magazi, kapena tikakayikira kolera.

Pali khadi lina, lolembedwa kuti chibayo koma popanda nambala ya kapumidwe. Limeneli sitinena kuti lakhoza, sitinenanso kuti lalakwa. Timaliika pa mulu wake, chifukwa chosalembedwa sitingachiweruze. Muluwo ukakula, tidziwa kuti vuto lili pa kalembedwe, kapena mzere ndi wautali sisitala ali yekha.

Tikapeza mankhwala ena m'malo mwa amokisilini, tiyamba taona makadi a kosungira mankhwala. Ngati sabata imeneyo amokisilini anali atatha, mlandu si wa wolemba. Nkhaniyo timapita nayo ku ofesi ya zaumoyo ya boma. N'chifukwa chake sitiwerengera munthu mmodzimmodzi, timawerengera chipatala chonse.

Zotsatira tidzazipereka kwa ogwira ntchito ndi ku komiti yanu ya zaumoyo. Tidzasankha chinthu chimodzi chokonza, mwina kuti mwana aliyense wa chifuwa aziikidwa pa sikelo ndi kuwerengedwa kapumidwe. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi titenganso makadi ena 100 kuti tione ngati zasintha.

Pali zimene khadi silingatiuze, ndipo apa ndi pamene mukufunika inu. Silidziwa ngati munayamba mwagula makapisozi pa kantini. Muuzeni sisitala, musaope. Silidziwanso ngati mwana anamaliza masiku asanu aja, kapena otsala munasungira mkulu wake. Ndipo sisitala akawerenga kapumidwe n'kunena kuti ndi chimfine, musamuumirize. Funsani kuti mwana wapuma kangati, ndi zizindikiro zoti mubwerere nazo. Mwana akalephera kuyamwa, akamasanza chilichonse, akakomoka kapena kufooka osadzuka, thamangani naye tsiku lomwelo. Ameneyo ndi wotumizidwa ku chipatala chachikulu, monga St Francis kapena Nyanje.

Amfumu, ndathera pamenepa. Amene ali ndi funso aimike dzanja.