Ola Limodzi pa Mwezi Losamalira Webusaiti

Webusaiti ya bungwe laling'ono imayamba kunama mwakachetechete. Tiyerekeze kuti mlembi anasiya ntchito m'mwezi wa Malichi, koma nambala yake ya foni idakali patsamba. Ofuna thandizo akaimba osayankhidwa, amangoti bungwelo linatha.

Motero sankhani munthu mmodzi, osati komiti yonse ayi, kuti Lolemba loyamba la mwezi apatule ola limodzi. Aimbe yekha nambala iliyonse yolembedwapo. Adzaze fomu yotumizira uthenga monga mlendo, kenaka aone ngati uthengawo wafika, pakuti nthawi zina umagwera mu Spam. Chidziwitso cha msonkhano umene wachitika kale achichotse, aikepo cha wotsatira. Ayang'anenso tsiku lolipirira dzina la webusaitiyo, chifukwa likadutsa osalipira, tsamba lonse limaleka kuoneka.